Kodi mayi angatenge pakati ali kumwezi kapena atangomaliza kusamba?

*Funso: "Ndinayamba kusamba pa 3 Malichi n'kumaliza pa 8, ndipo pa 9 tinakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba osadziteteza. Anzanga amati ukakhala kumwezi kapena ukangomaliza sungatenge mimba. Koma ine miyezi yambiri ndimasamba kawiri, koyambirira ndi kumapeto kwa mwezi. Mwana wanga akadali wamng'ono, ndiye mtima suli m'malo. Kodi ndingakhale kuti ndaima?" Mayi wa ku Bangula, m'boma la Nsanje.*

Mayi, n'zotheka ndithu, ndipo kwa inuyo kuthekerako n'kwakukulu kuposa kwa anzanu ambiri. Mawu amene andichititsa kutero ndi aja akuti mumasamba koyambirira ndi kumapeto kwa mwezi, chifukwa akusonyeza kuti masiku a pakati pa msambo wanu ndi wotsatira ndi ochepa, ndipo mayi wotere dzira lake limakhwima msanga, nthawi zina magazi atangoleka kumene.

Choyamba tigwirizane kawerengedwe, pakuti amayi ambiri amasochera pomwepa. Thupi silitsata kalendala ya pakhoma, lili ndi mwezi wakewake, umene umayamba tsiku loyamba kuona magazi enieni n'kutha tsiku loti mawa lake muyambanso kusamba. Tsiku loyamba kusamba ndilo tsiku 1. Amayi ambiri amawerenga kuyambira tsiku limene amaliza, n'kumati pali sabata yathunthu yopanda chiopsezo kutsogolo kwawo, koma thupi limakhala litayamba kale kukhwimitsa dzira lina pamene magazi akutuluka. Masiku amene mwakhala mukusamba adyedwa kale pa mwezi watsopanowo. Choncho mayi amene amasamba masiku 3 okha akamamaliza amakhala ali patali ndi nthawi ya dzira, pamene wosamba masiku 7 akamamaliza amakhala atayandikira kwambiri, ngakhale onse awiri anene mawu amodzimodzi akuti "ndangomaliza kumene".

Dzira likatuluka m'thumba lake limalowa m'njira yopita kuchiberekero, ndipo likapanda kukumana ndi mbewu ya abambo limafa pasanathe maola 24. Chikanakhala kuti nkhani yathera pamenepa, bwenzi tsiku lotengera pakati lili limodzi lokha pa mwezi. Koma mbewu ya abambo ndi yopirira. Ikapeza chikazi choterera, chimene khomo la chiberekero limatulutsa dzira likayandikira, imatha kukhala yamoyo m'thupi la mayi mpaka masiku 5. Zili ngati munthu amene wafika padoko la Shire bwato lisanabwere: sabwerera kwawo, amakhala pansi n'kudikira, ndipo bwato likafika amakwera. Motero tsiku limene mwakhala malo amodzi ndi tsiku limene mimba yayamba nthawi zambiri ndi masiku awiri osiyana. Masiku oti mayi angatenge pakati ndi 6, kutanthauza masiku 5 dzira lisanatuluke ndi tsiku limene latulukalo. Kafukufuku amene Allen Wilcox ndi anzake anachita pakati pa amayi 221 ku North Carolina, m'dziko la America, n'kumusindikiza mu 1995, anapeza kuti mimba zonse zinachokera m'masiku 6 amenewa, ndipo mwayi wotenga pakati unali pafupifupi 10 pa 100 ngati anagonana kutatsala masiku 5, n'kukwera kufika pa 33 pa 100 pa tsiku lenileni la dzira.

Funso lotsala ndi lakuti dziralo limatuluka liti. Ambiri anamva kusukulu kapena kusikelo kuti ndi tsiku la 14, ndipo nambala imeneyi yanamiza mabanja ochuluka. Chimene sichisinthasintha kwambiri ndi chigawo chakumapeto: kuchokera pamene dzira latuluka kufika pa msambo wotsatira pamadutsa masiku pafupifupi 14, kwa ena 12, kwa ena 16. Chigawo choyambirira, chimene dzira limakhala likukhwima, ndicho chimatalika kapena kufupika. Tsiku la 14 limagwira ntchito kwa mayi amene mwezi wake wa m'thupi ndi wa masiku 28, koma mwezi wabwinobwino wa mayi wamkulu ukhoza kukhala wa masiku 21 mpaka 35, ndipo onsewa si odwala. Kuti muyerekeze tsiku la dzira, mumachotsa 14 pa kutalika kwa mwezi wanu wa m'thupi.

Tsopano tiwerenge ndi madeti anu. Tinene kuti mutayamba pa 3 Malichi mukuyembekezera kuyambanso pa 27 Malichi, monga zimachitikira kwa munthu amene amasamba kawiri m'mwezi umodzi wa pakalendala. Pamenepo mwezi wanu wa m'thupi ndi wa masiku 24. Tikachotsa 14 patsala 10, ndipo tsiku la 10 kuwerenga kuyambira pa 3 Malichi ndi pa 12 Malichi. Tikabwerera m'mbuyo masiku 5 tifika pa 7 Malichi. Ndiye kuti masiku anu otengera pakati anayamba pa 7 n'kutha pa 12 Malichi. Onani bwino zimene zatuluka apa: pa 7 ndi pa 8 munali mukadali kumwezi, magazi akupita kumapeto, koma chiopsezo chinali chitayamba kale, ndipo pa 9, tsiku limene inu munaliyesa labwino, kunali kutatsala masiku 3 okha kuti dzira lituluke. Mbewu yolowa pa 9 sivutika kudikira mpaka pa 12. Izi sizikutanthauza kuti mwaima basi, pakuti ngakhale pa tsiku labwino koposa ambiri satenga pakati pa ulendo umodzi, koma zikutanthauza kuti munakhala malo amodzi m'kati mwenimweni mwa masiku oopsawo.

Tengani tsopano mnzanu amene anayamba tsiku lomwelo, namaliza tsiku lomwelo, nakhala malo amodzi ndi amuna ake pa 9 Malichi pomwepo, koma mwezi wake wa m'thupi ndi wa masiku 30. Kwa iye dzira likuyembekezeka pa tsiku la 16, limene ndi 18 Malichi, ndipo masiku ake oopsa ndi kuyambira pa 13 mpaka pa 18. Mbewu ya pa 9 idzakhala itafa kale. Mnzanuyu akamakuuzani kuti iye wakhala akuchita chonchi zaka zambiri osatenga mimba sakunama, kungoti akukuuzani za thupi lake, osati lanu. Ine ndimaona kuti chikhulupiriro chimenechi chimalimba chifukwa chimenechi: chimawayendera bwino amayi ambiri kwa nthawi yaitali ndithu, ndipo amene chawagwetsa amangoti mwina anasokoneza madeti.

Ngakhale mnzanu wa masiku 30 uja asadzidalire kwambiri, chifukwa dzira silisunga tsiku limodzi mwezi uliwonse. Ofufuza omwe aja atabwereza kuunika zimene anapeza, m'chaka cha 2000, anaona kuti amayi 2 pa 100 alionse amakhala atalowa kale m'masiku otengera pakati pofika tsiku la 4, ndipo pofika tsiku la 7 amakhala 17 pa 100. Anaonanso kuti ndi amayi pafupifupi 30 okha pa 100 amene masiku awo onse oopsa amagwera pakati pa tsiku la 10 ndi la 17, mmene mabuku ankaphunzitsira. Manambala awiri oyambawo ndiwo akuyankha funso lanu mwachindunji. Pa tsiku loyamba ndi lachiwiri la msambo weniweni, pamene magazi akutuluka ambiri, kutenga pakati n'kosowa kwambiri, ngakhale palibe mzamba woona amene angakulumbirireni kuti sizingachitike. Kuyambira tsiku la 4 chiopsezo chimayamba kukwera tsiku ndi tsiku, ndipo pofika pamene ambiri amamaliza kusamba chimakhala chitakula moti munthu wosafuna mimba sangachinyalanyaze.

Pano pali chinthu china chimene chimachitika m'mabanja athu ambiri. Mwambo umati mayi akakhala kumwezi asathire mchere m'ndiwo ndipo asayandikane ndi mwamuna, ndipo abambo ambiri amaopa kanyera. Zotsatira zake n'zakuti banja limadikira masiku 5 kapena 7, kenako limakumana tsiku loyamba lenileni limene magazi aleka, ndi masiku otsatira motsatizana. Kwa mayi wa mwezi waufupi, masiku amenewa ndi omwe aja oopsa kwambiri. Kunena za magazi enieniwo, paokha sadwalitsa mwamuna, koma ngati mmodzi wa awiriwo ali ndi kachilombo ka Edzi kapena matenda ena opatsirana pogonana, kupatsirana kumaphweka pamene pali magazi, choncho kondomu imafunika pa nthawi imeneyi pa zifukwa ziwiri.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi yakuti si magazi onse amene ali msambo, ndipo amayi ena amene amati anatenga pakati ali kumwezi kwenikweni sanali kumwezi. Amayi ena amaona timagazi tochepa, tofiirira kapena tosakanikirana ndi chikazi, kwa tsiku limodzi kapena awiri pa nthawi imene dzira likutuluka. Mayi akatiyesa msambo n'kuganiza kuti ali pabwino, amakhala akugonana pa tsiku loopsa kuposa onse. Ichi chikukhudzanso inu, chifukwa kusamba kawiri pa mwezi kungatanthauze mwezi waufupi monga tawerengera, koma kungatanthauzenso kuti kumodzi mwa kuwiriko si msambo. Kusiyanitsa kwake n'kotere: msambo weniweni umayamba pang'ono, n'kuchuluka moti mumafunika kusintha nsalu kapena thewera kangapo pa tsiku, kenako n'kumachepa, ndipo zonsezi zimatenga masiku 3 mpaka 7. Timagazi tinato timangodetsa kabudula wam'kati, sitichuluka, ndipo timatha msanga. Ngati maulendo anu awiri aja amafanana kuchuluka kwake ndi kutalika kwake, ndiye kuti mwezi wanu ndi waufupidi.

Magazi ena amatuluka mimba itayamba kale, ochepa kuposa a nthawi zonse, pafupi ndi tsiku limene mayi amayembekezera kusamba, ndipo n'chifukwa chake ena amafika kusikelo n'kupezeka kuti mimba ndi yaikulu ndi mwezi umodzi kuposa mmene amawerengera. Kuno kuchigwa tilinso ndi likodzo, chifukwa amayi ambiri amachapa, kutunga madzi ndi kulima m'madimba a m'mphepete mwa Shire ndi m'madambo ake. Likodzo limatulutsa magazi mumkodzo, makamaka pomaliza kukodza, ndipo likakhudza khomo la chiberekero limachititsa kuti mayi aziona timagazi pakati pa mwezi kapena akangotha kugonana. Magazi otuluka mukatha kukhala malo amodzi asawerengedwe ngati msambo, ndipo akabwerezabwereza pitani mukayezetse khomo la chiberekero, pakuti khansa ya pamenepo imatha kuonetsanso chizindikiro chomwechi. Amayi amene ali pa jakisoni wa miyezi itatu kapena ali ndi kachipangizo kolera ka pamkono amadonthezanso mosatsata nthawi, ndipo kwa iwo kuwerenga masiku kulibe tanthauzo. Chowateteza ndi mankhwalawo malinga ngati tsiku lobwereza silinapitirire.

Mwanena kuti mwana wanu ndi wamng'ono. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha zinthu zitatu zikakhalapo pamodzi: mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi asanayambirenso kusamba. Inu mwayamba kale kusamba, choncho chitetezo chimenecho chinatha. Komanso miyezi yoyambirira mayi akayambiranso kusamba imakhala yosakhazikika, wina waufupi wina wautali, mofanana ndi mmene zimakhalira kwa atsikana ongotha msinkhu ndi kwa amayi opitirira zaka 40, amene miyezi yawo imayamba kufupika. Malungo, njala ndi nkhawa zimasunthanso tsiku la dzira, nthawi zambiri polichedwetsa. Amayi amene anakhalapo m'misasa madzi atasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ambiri amadziwa mmene msambo umasokonekera pa nthawi zotere.

Zoyenera kuchita tsopano zikudalira tsiku limene yankho lino lakupezani. Ngati masiku 5 sanathe chichitikireni, ndiye kuti pasanapitirire pa 14 Malichi, pitani kuchipatala chapafupi kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mukapemphe mapiritsi olera a pangozi. Amagwira bwino kwambiri akamwedwa m'maola 72 oyambirira, ndipo mphamvu yake imachepa tsiku lililonse limene mwachedwa. Ntchito yake ndi kuchedwetsa dzira kuti lidzatuluke mbewu itafa kale. Sachotsa mimba imene yakhazikika, ndipo ngati dzira latuluka kale sathandiza. Apa mwezi waufupi ukukuikaninso pa liwiro, chifukwa ngati dzira lanu likuyembekezeka pa 12, piritsi la pa 10 lili ndi mwayi wabwino pamene la pa 13 likhoza kufika mochedwa. Mukasanza pasanathe maola 2 mutamwa, muyenera kumwanso. Njira yamphamvu kuposa mapiritsiwa ndi lupu, imene ikaikidwa m'masiku 5 omwewo imalepheretsa mimba kwa amayi oposa 99 pa 100, ngakhale dzira litatuluka kale, ndipo imapitiriza kukutetezani zaka zambiri. Imafuna namwino wophunzitsidwa kuika kwake, choncho funsani ngati chipatala chanu chaching'ono chimaika kapena mufike kuchipatala chachikulu cha boma ku Nsanje.

Ngati masiku 5 apitirira, chatsala ndi kudikira nthawi yoyezetsa, ndipo musataye ndalama kuyezetsa msanga. Kachipangizo koyezera mkodzo kamafufuza madzi ena amene thupi limayamba kupanga mimba ikakhazikika m'chiberekero, ndipo pamatenga masiku kuti achuluke mokwanira kuoneka. Yezani msambo ukapitirira tsiku lake, kapena patatha masiku 21 chichitikireni, amene kwa inu ndi pa 30 Malichi, ndipo gwiritsani ntchito mkodzo woyamba wa m'mawa. Kakaonetsa kuti mulibe koma msambo osabwera, bwerezani pakatha sabata. Ngati munamwa mapiritsi a pangozi, msambo ukhoza kufulumira kapena kuchedwa ndi masiku angapo, koma ukachedwa kupitirira sabata, kapena ukabwera wochepa modabwitsa, yezetsani. Musamwe zitsamba kapena mapiritsi a malungo ndi ena pofuna kuti msambo ubwere, chifukwa zikhoza kuwononga impso ndi chiwindi. Ndipo ngati msambo wachedwa, kenako mukumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, mukudontheza magazi akuda, mukuchita chizungulire kapena kumva kuwawa paphewa, musadikire kuti kuche, chifukwa zimenezi zikhoza kukhala zizindikiro za mimba yomera m'njira ya dzira, imene ikaphulika mayi amataya magazi m'kati.

Kunena za m'tsogolo, ngati mukufuna kumadziwa masiku anu, lembani tsiku loyamba kusamba mwezi uliwonse kwa miyezi 6, m'kope kapena kuchikuto kwa buku lanu lachipatala. Kenako muwerenge kutalika kwa mwezi uliwonse, muchotse 18 pa waufupi kwambiri ndi 11 pa wautali kwambiri. Mwachitsanzo, ngati mwapeza 24, 25, 27, 24, 26 ndi 25, waufupi ndi 24 ndipo wautali ndi 27, choncho masiku opewa ndi kuyambira tsiku la 6 mpaka la 16. Taonani kuti kwa munthu wosamba masiku 6 ngati inu, palibe ndi tsiku limodzi lomwe lopanda chiopsezo pakati pa kumaliza kusamba ndi kuyamba kwa masiku opewa, ndipo poti tawerenga kale kuti mbewu ya tsiku la 5 ikhozanso kudikira dzira la tsiku la 10, ine ndingati muyambe kupewa kuyambira tsiku loyamba lenileni. Masiku amene mungawakhulupirire pang'ono ndi akumapeto, kuyambira tsiku la 17 kufika pa msambo wotsatira, pamene dzira limakhala litafa kale. Thupi limaperekanso chizindikiro chake: mukaona chikazi choyera, choterera, chotamuka mukachigwira pakati pa zala, kapena mukangomva kunyowa, dzira layandikira kaya kalendala ikunena zotani. Vuto kwa mayi wa mwezi waufupi n'lakuti chikazi chimenechi chimatha kuyamba magazi asanaleke, n'kubisika m'menemo.

Mikanda yolera, imene imati mupewe kuyambira tsiku la 8 mpaka la 19, inapangidwira amayi amene miyezi yawo imakhala ya masiku 26 mpaka 32 basi, ndipo ngakhale kwa iwowo, pafupifupi 12 pa 100 amatenga pakati m'chaka choyamba malinga ndi mmene anthu amaigwiritsira ntchito masiku onse. Inu ndi masiku anu 24 simukulowa m'gulu limeneli, ndipo mutaitsatira ingakuuzeni kuti tsiku la 7, lomwe lija la pa 9 Malichi, ndi labwino. Pokhala ndi mwana wamng'ono, mwezi waufupi ndi msambo wa masiku 6, uphungu wanga ndi woti musadalire kuwerenga masiku pakadali pano. Mukapita kukayezetsa pa 30 Malichi, pitani ndi bambo akunyumba ngati n'kotheka, ndipo zotsatira zikaonetsa kuti mulibe pakati, musankhe tsiku lomwelo pakati pa jakisoni, kachipangizo ka pamkono, lupu kapena mapiritsi oyenera mayi woyamwitsa. Kufikira tsiku limenelo gwiritsani ntchito kondomu ulendo uliwonse, chifukwa mapiritsi a pangozi sateteza masiku otsatira, ndipo dzira limene achedwetsa limadzatulukabe m'mwezi womwewo.